Zilembo zachimbuuzi ndi mphepete zakuda: kujambula sikirini kuti wophunzira awerenge

Mphunzitsi wa makompyuta akafuna kuonetsa mmene amawonkhetsera manambala mu Excel, masiku ano sachita kuitanira ophunzira onse pa desiki lake. Amatsegula pulogalamu yojambulira sikirini, n'kumalankhula kwinaku akugwira ntchitoyo, kenako vidiyoyo amaitumiza. Pa laputopu yake zonse zinali bwinobwino, chilembo chilichonse chili gwa. Koma wophunzira akaitsegula, manambala aja akuoneka mwachimbuuzi, 3 ndi 8 sizikusiyana, ndipo m'mphepete muli mizere ikuluikulu yakuda imene yadya malo. Wophunzirayo amabweza uthenga waufupi: "Aphunzitsi, sizikuwerengeka."

Ambiri zikatere amaimba mlandu laputopu kuti ndi yakale, kapena netiweki. Nthawi zina ndi zoona. Koma pa mavidiyo ophunzitsira, gwero la vutoli kawirikawiri ndi manambala atatu amene sanagwirizane: kukula kwa sikirini imene ikujambulidwa, kukula kwa malo amene pulogalamu yakonzera chithunzicho, ndi kukula kwa fayilo imene ikutuluka. Atatuwa akafanana, ngakhale laputopu yotsika mtengo imatulutsa vidiyo yowerengeka bwino.

Sikirini iliyonse ndi timadontho ta kuwala tondandalikidwa m'mizere. Mukaona palembedwa 1920 × 1080, ndiye kuti pali timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Malaputopu ambiri akale, monga amene amagulitsidwa atagwirako kale ntchito, ali ndi 1366 × 768. Chofunika kudziwa n'chakuti zilembo za pa kompyuta ndi zopyapyala kwambiri. Pa sikirini ya 1366 × 768, mwendo wa chilembo l umatenga pafupifupi kadontho kamodzi m'lifupi mwake, ndipo mizere yolekanitsa timabokosi ta mu Excel nayonso ndi ya kadontho kamodzi. Nkhope ya munthu kapena munda wa chimanga mukhoza kuzikulitsa pang'ono osaona kusintha, chifukwa mitundu yake imalowererana kale mwapang'onopang'ono. Chilembo sichitero. Chimawerengeka chifukwa pali malire akuthwa pakati pa kadontho kakuda ndi koyera, ndipo malire amenewo akangosokonekera, chilembocho chatha.

Tiyeni titsatire mphunzitsi uja ndi laputopu yake ya 1366 × 768. Akugwiritsa ntchito OBS Studio, pulogalamu yaulere imene anthu ambiri amajambulira sikirini. Mnzake anamuuza kuti vidiyo yabwino ndi ya 1080, ndiye analowa mu `Settings`, pa gawo la `Video`, n'kusintha `Base (Canvas) Resolution` kukhala 1920x1080. Nambala imeneyi ndi kukula kwa malo amene OBS imayalapo chithunzi. Pansi pake pali nambala ina, `Output (Scaled) Resolution`, yomwe ndi kukula kwa fayilo yotuluka. Iyo sanaikhudze, inakhalabe pa 1280x720.

Atangotero, sikirini yake inaoneka itakhala pakona ya kumtunda kumanzere, kumanja ndi kumunsi kuli bii. Masamu ake ndi osavuta. Malo ndi 1920 chopingasa, chithunzi ndi 1366, ndiye timadontho 554 ta kumanja tilibe chodzazamo. Chotsika malo ndi 1080, chithunzi ndi 768, ndipo 312 tatsala. Pulogalamu ikasowa choika pamalo, imaikapo mtundu wakuda. Mphepete zakuda za kumanja ndi kumunsi kokha zimatanthauza zimenezi nthawi zonse: chithunzi chachepera malo ake.

Mphunzitsiyo anachita chimene aliyense angachite. Anadina chithunzicho ndi batani la kumanja la mausi, n'kusankha `Transform`, kenako `Fit to screen`. Mdima wonse unachoka, ndipo iye anaona ngati zatheka. Koma chimene chinachitika n'chakuti kadontho kalikonse kanakokedwa kuti kadzaze malo a timadontho pafupifupi 1.4. Palibe kadontho ka theka. Choncho pulogalamu imasakaniza: mzere wakuda wa kadontho kamodzi umasanduka timadontho tiwiri, kena kodera kwambiri, kena kotuwa. Chithunzi chakula, koma palibe chatsopano chimene chalowamo. Sikirini yake ili ndi timadontho topitirira pang'ono miliyoni imodzi, pamene 1920 × 1080 imafuna topitirira mamiliyoni awiri. Miliyoni inayo pulogalamu yangoyerekezera.

Ndipo sizinathere pomwepo. Popeza fayilo ikutuluka pa 1280 × 720, chithunzi chokokedwa chija chikufinyidwanso, timadontho titatu tilitonse kukhala tiwiri. Chasinthidwa kawiri chisanafike n'komwe mu fayilo. Zili ngati kuchita fotokope ya fotokope: pepala lililonse lotsatira limatuluka lotuwa kuposa loyamba, ndipo palibe njira yobwezeretsera zimene zafufutika.

Kwa laputopu yotereyi, njira imene ndimaiona yodalirika ndi kutsitsa sikirini yeniyeniyo musanayambe kujambula. Mu Windows lowani mu `Settings`, `System`, `Display`, ndipo pa `Display resolution` sankhani 1280 × 720, n'kuvomereza pa `Keep changes`. Kenako mu OBS manambala onse awiri akhale ofanana ndi imeneyo:

```
Base (Canvas) Resolution:    1280x720
Output (Scaled) Resolution:  1280x720
```

Pomaliza dinani chithunzicho, musankhe `Transform` ndi `Reset Transform`, kuti kukoka kuja kuchotsedwe. Tsopano kadontho kamodzi ka sikirini kakugwera pa kadontho kamodzi ka vidiyo.

Pano pali chinthu chimene chimabweza anthu ambiri m'mbuyo. Mukangotsitsa sikirini kufika pa 1280 × 720, zilembo za pa laputopu yanu zimayamba kuoneka zofewa, ndiye mumaganiza kuti mwaononga. Simunaononge. Galasi la laputopuyo lili ndi timadontho 1366 × 768 tosasinthika, ndipo likukoka chithunzi cha 1280 × 720 kuti chidzaze. Kukoka kumeneko kukuchitikira maso anu okha. Pulogalamu yojambulira imatenga chithunzi chisanapite ku galasi, chikadali chakuthwa. Mukamaliza kujambula mubweze sikirini pa nambala yake, mutsegule fayiloyo pa foni kapena pa kompyuta ina, muone nokha.

Wina angafunse kuti bwanji osangojambula pa 1366 × 768 pomwepo, manambala onse n'kufanana. N'zotheka, ndipo n'zabwino kuposa kukoka, koma pali misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti OBS imafuna kuti nambala yopingasa ya fayilo igawike ndi 4. Popeza 1366 sigawika, fayilo imatuluka ya 1364 × 768, ndipo kufinya kwa timadontho tiwiri tokhato kumakhudza mzere wonse. Mankhwala ake ndi kulemba 1364x768 m'mabokosi onse awiri n'kusiya timadontho tiwiri ta m'mphepete tidulidwe. Msampha wachiwiri uli kutsogolo. YouTube ili ndi masitepe ake, monga 360p, 480p, 720p ndi 1080p. Vidiyo ya 768 imatsitsidwa kufika pa 720, ndiye kufinya kumene munakuthawa kumakupezani kumeneko. N'chifukwa chake ndimakonda 1280 × 720, imene imadutsa njira yonse osasintha kukula.

Ngati pulogalamu imene mukuphunzitsa ikupanikizika pa 1280 × 720, pali njira ina: siyani sikirini pa 1366 × 768, malo a OBS akhale 1280 × 720, ndipo musakoke chithunzi. Zotsala zidzagwera kunja, timadontho 86 kumanja ndi 48 kumunsi. Kumunsiko n'kumene kuli mzere wa mabatani a Windows, umene wophunzira sakuufuna. Chanu n'kuchepetsa windo la Excel kuti likwane m'dera limene likujambulidwa. Kudula sikuononga chilembo chilichonse. Chimene chimaononga ndi kukoka ndi kufinya.

Mphepete zakuda za mtundu wina zimabwera m'mbali zonse ziwiri mofanana, kumanja ndi kumanzere, kapena kumtunda ndi kumunsi. Izi sizichokera ku kuchepa kwa chithunzi koma ku kaumbidwe kake. Mavidiyo ambiri ndi a 16:9, kutanthauza kuti pa magawo 16 chopingasa pali magawo 9 chotsika. Ma 1280 × 720 ndi 1920 × 1080 onse ndi otero. Koma malaputopu ambiri atsopano ali ndi sikirini ya 16:10, yotalikirapo chotsika, monga 1920 × 1200. Mukaika chithunzi cha 1920 × 1200 pa malo a 1920 × 1080 n'kudina `Fit to screen`, pulogalamu imachichepetsa kuti 1200 ikwane mu 1080. Chachepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye chopingasa chatsika kuchoka pa 1920 kufika pa 1728. Timadontho 192 tatsala, 96 mbali iliyonse, ndipo ndiyo mizere yakuda ija. Mwalandira mavuto awiri pakamodzi, mphepete zakuda ndi zilembo zofinyidwa.

Pafupi ndi `Fit to screen` pali `Stretch to screen`, ndipo ndikupempha kuti imeneyo muisiye. Imachotsadi mdima, koma pokoka mbali imodzi yokha, moti bwalo limakhala lophwatalala ndipo zilembo zimanenepa. Chabwino ndi kusankha chimodzi mwa ziwiri. Mukhoza kuika Windows pa 1920 × 1080 nthawi yojambula, monga tinachitira ndi laputopu ija. Kapena mujambule 1920 × 1200 yonse, manambala onse awiri a mu OBS akhale 1920x1200. YouTube imalandira vidiyo yotere, ndipo ngati pakufunika mphepete, amaziika ndi chida cha woonera malinga ndi sikirini yake. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mphepete zimene zalowa mu fayilo ndi mbali ya chithunzi mpaka kalekale. Woonera akaimika foni yake, foniyo imaonjezera zake kumtunda ndi kumunsi, ndipo phunziro lonse limasanduka kabokosi kakang'ono pakati pa mdima.

Amene amajambula sikirini ya foni amakumana ndi zomwezi mokulirapo. Chithunzi choimirira cha 1080 × 2400 chikaikidwa pa malo a 1920 × 1080 chimatsala ndi timadontho 486 tokha chopingasa, mbali iliyonse n'kukhala ndi 717 takuda. Ngati phunziro ndi la pa foni ndipo oonera ali pa foni, vidiyoyo ikhale yoimirira kuyambira pojambula mpaka potumiza.

Tsopano tifike pa nkhani imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse, chifukwa vidiyo ikhoza kukhala yakuthwa bwinobwino koma osawerengeka. Taganizani munthu amene ali ndi laputopu ya 1920 × 1080, manambala onse wawafananitsa, palibe kukoka kulikonse. Fayilo ili bwino. Koma wophunzira wake akuonera pa foni ya m'manja, imene galasi lake lonse ndi laling'ono kuposa chikhatho. Chilembo chimene chinali chapakatikati pa laputopu chasanduka kanthu kosaoneka. Ndipo ngati akusunga bandulo, waika YouTube pa 480p kapena 360p. Pa 360p timadontho titatu tilitonse chotsika tasanduka kamodzi. Chilembo chimene chinali ndi timadontho khumi ndi tiwiri kutalika kwake chatsala ndi tinayi, ndipo ndi timadontho tinayi simungasiyanitse e ndi o.

Apa ndi pamene `Scale` ya mu Windows imathandiza. Ili pa tsamba lomwe lija la `Display`, ndipo imapereka manambala monga 100%, 125% ndi 150%. Anthu amaisokoneza ndi `Display resolution`, koma ntchito zake n'zosiyana. `Scale` sichotsa kadontho ngakhale kamodzi. Imauza mapulogalamu kuti ajambulenso zilembo ndi mabatani mokulirapo, pogwiritsa ntchito timadontho tambiri pa chilembo chilichonse. Pa sikirini ya 1920 × 1080, mukaika 150%, zinthu zimatenga malo ngati mmene zingatengere pa 1280 × 720, koma chilembo chilichonse n'chojambulidwa mwatsatanetsatane. Vidiyo yotere ikatsitsidwa ndi foni ya woonera imakhalabe yowerengeka, chifukwa miyendo ya zilembo inali yokhuthala kuyambira pachiyambi.

M'mapulogalamu momwemo mulinso njira zokulitsira. Mu bulawuza ndi `Ctrl` pamodzi ndi `+`. Mu Excel ndi Word muli kotsetsereka pakona ya kumunsi kumanja, ndipo kukakankhira pa 150% kumasintha kwambiri kaonekedwe ka phunziro. Inde mudzaona mizere yochepa pa nthawi imodzi, koma phunziro la kuwonkhetsa manambala silifuna mizere makumi atatu, limafuna isanu kapena khumi yooneka. Kukulitsa musanajambule kumasiyana kotheratu ndi kukulitsa pambuyo pake m'pulogalamu yodulira vidiyo. Koyambako kompyuta ikulemba chilembocho mwatsopano. Kwachiwiriko ikukoka chithunzi chakale, monga anachitira mphunzitsi uja.

`Scale` ili ndi misampha yakenso. Masamba ena a pa intaneti amene amati akuuzeni kukula kwa sikirini yanu amapereka nambala yogawidwa kale. Sikirini ya 1920 × 1080 yomwe ili pa 125% amaitcha 1536 × 864. Mukalemba nambala imeneyo mu OBS mwachepetsa malo, ndipo chithunzi chidzadulidwa kapena kufinyidwa. Khulupirirani nambala imene ili pa `Display resolution`. Msampha wina ndi mapulogalamu akale amene sadziwa kudzijambulanso. Windows imangowakoka ngati chithunzi, moti amaoneka achimbuuzi pa sikirini pomwepo musanajambule n'komwe. Mukaona zotero, bwezani `Scale` pa 100% n'kutsitsa `Display resolution` m'malo mwake.

Si chimbuuzi chonse chimachokera ku kukula kwa chithunzi, ndipo n'zotheka kusiyanitsa ndi maso. Onerani vidiyoyo pamalo pamene palibe chikuyenda. Ngati zilembo zili zofewa nthawi zonse, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, vuto ndi kukoka kapena kufinya. Koma ngati zili zakuthwa pamene tsamba laima, n'kusungunuka kukhala timabokosi mukangoyamba kutsitsa tsamba, kenako n'kubwereranso, vuto ndi kupanikiza kwa fayilo. Pamenepo pulogalamu yapatsidwa malo ochepa osungiramo sekondi iliyonse. Mu OBS, pa `Settings` ndi `Output`, sinthani `Recording Quality` kuchoka pa `Same as stream` kupita pa `High Quality, Medium File Size` kapena `Indistinguishable Quality, Large File Size`. Musaope kukula kwa fayilo, chifukwa sikirini ya phunziro nthawi zambiri imakhala itangoima, ndipo chithunzi choima sichidya malo ambiri. Pa `FPS`, 30 ndi yokwanira.

Palinso chimbuuzi cha zilembo zofiira zokha. Mavidiyo ambiri amasunga kuwala kwa kadontho kalikonse, koma mtundu amasunga umodzi pa timadontho tinayi. Chilembo chakuda pa tsamba loyera chimadalira kuwala, ndiye chimapulumuka. Chofiira chopyapyala, makamaka pa tsamba lakuda kapena la buluu, chimadalira mtundu, ndipo chimayerera m'mbali. Zimenezi simungazikonze ndi manambala a kukula. Sankhani zilembo zakuda pa zoyera, kapena zoyera pa zakuda, ndipo zofiira muzikulitse.

Fayilo ikatuluka bwino mu OBS, ulendo sunathe. Mukailowetsa m'pulogalamu yodulira, monga Clipchamp, CapCut kapena Shotcut, imeneyonso ili ndi kukula kwake kwa malo ndi kukula kwa fayilo yotuluka. Vidiyo ya 1280 × 720 itulukenso pa 720p, ndipo kaumbidwe kakhale 16:9 komweko. Pa WhatsApp, vidiyo yotumizidwa mwachizolowezi imapanikizidwa ndi kuchepetsedwa, ndipo zilembo ndi zimene zimavulala koyamba. Batani la `HD` limathandizako, koma njira yosunga fayilo mmene ilili ndi kuitumiza ngati `Document`. Imadya bandulo yochulukirapo kwa wolandira, ndiye phunziro lalitali ndi bwino kuligawa m'zigawo zazifupi. Pa YouTube, vidiyo ikangokwezedwa kumayamba kupezeka masitepe otsika okha, ndipo apamwamba amabwera pambuyo pake. Musafulumire kuifufuta. Dikirani kaye, kenako muone pa `Quality`.

Musanajambule phunziro la mphindi makumi awiri, yesani la masekondi makumi awiri. Tsegulani pulogalamu imene muphunzitse, lembani manambala angapo, tsitsani tsamba kamodzi, n'kuimitsa. Musaweruze ndi kachithunzi ka mkati mwa OBS, chifukwa kameneko n'kochepetsedwa kuti kakwane pa windo ndipo nthawi zonse kamaoneka kofewa. Pitani pa fayilo yeniyeniyo, dinani ndi batani la kumanja, musankhe `Properties` kenako `Details`. Pamenepo pali `Frame width` ndi `Frame height`, ndipo manambala ake ayenera kufanana ndi amene munajambulira. Akasiyana, pali pena pamene chithunzi chikusinthidwabe. Mu OBS yang'ananinso pa `Output` ngati `Rescale Output` yayatsidwa, chifukwa imeneyo imatha kufinya vidiyo ngakhale za pa `Video` zili bwino.

Kenako tumizani kachidutswako ku foni kudzera njira yomweyo imene ophunzira adzalandirire, osati pa chingwe. Gwirani foniyo monga iwo adzaigwirire, muimitse vidiyo pa kabokosi kamene muli fomula, n'kuyesa kuiwerenga chilembo ndi chilembo. Ngati mukuchita kuyandikitsa foni kumaso kuti musiyanitse `:` ndi `;`, bwererani ku Excel, mukankhire kotsetsereka kaja patsogolo, muyesenso masekondi ena makumi awiri.